Masabata awiri a rula ndi pensulo: kukonzekera mayeso a kuwala ndi malenzi

Funso la lenzi pa mayeso a Fizikisi limabwera ndi manambala atatu okha: kutalika kwa chinthu, mtunda wake kuchokera pa lenzi, ndi mtunda wa fokasi. Kenako limati jambulani, muonetse pamene chithunzi chigwere. Ophunzira ambiri a Fomu 4, ngakhale amene masamu sawavuta, amafika apa n'kuima, pensulo ili m'manja. M'mutu mwawo muli zojambula zisanu ndi chimodzi zimene analoweza m'buku, ndipo zonse zasokonekerana: ndi chiti chija chithunzi chimazondoka, ndi chiti chija chimakula?

Vuto lagona pa kulowezako. Zojambula zisanu ndi chimodzi zija ndi chojambula chimodzi, chimene chimasintha ndi malo a chinthu basi. Malamulo ake ndi atatu, ndipo awiri okha amakwana kupeza yankho. Wophunzira amene watsala ndi masabata awiri kuti alembe mayeso a MSCE akhoza kulizolowera dzanja lake ku malamulo amenewa ngati tsiku lililonse apatula ola limodzi, kapena mphindi 45 zokha poti maphunziro ena akudikiranso. Koma ola limenelo likhale lojambula, osati loyang'ana zojambula za ena. Zida zake ndi rula ya masentimita 30 yosabenthuka m'mphepete, pensulo yolimba yosongoka bwino, pulotilakita, ndi pepala la girafu. Ngati usiku mumadalira nyali yofooka, ikani ntchito imeneyi masana, kuwerenga kwina kukhale kwa usiku, chifukwa apa milimita imodzi ili ndi mlandu, monga tionere kutsogoloku.

Tiyerekeze kuti mwayamba Lolemba.

Masiku awiri oyamba musakhudze lenzi. Yambani ndi kalilole wafulati ndiponso kukhota kwa kuwala kukamalowa m'madzi kapena m'galasi, ndipo cholinga chikhale chimodzi: kuzolowera mzere wa nomo, uja timaujambula modukizadukiza, woima pa madigiri 90 pamalo pamene cheza chafikira. Ngodya zonse zimayezedwa kuchokera pa mzere umenewu, osati kuchokera pa kalilole. Funso likanena kuti cheza chapanga madigiri 30 ndi nkhope ya kalilole, ndiye kuti ngodya yofikira ndi madigiri 60, ndipo yobwerera ndi 60 yomweyo. Ambiri amalemba 30 n'kutaya malikisi pa funso losavuta. Pa kukhota, lamulo loti mugwire ndi lakuti kuwala kukachoka mumpweya kulowa m'madzi kapena m'galasi kumapendekera ku nomo, ndipo kukamatuluka kumathawa nomo. Chiwerengero chake ndi ichi:

n = sin i / sin r

Pa galasi wamba n amakhala pafupifupi 1.5, pa madzi 1.33. Cheza cholowa m'galasi pa madigiri 30 chimapitirira mkatimo pa madigiri pafupifupi 19.5. Jambulani chimenecho ndi pulotilakita, kenako jambulani nsomba ili pansi pa madzi ndi mizere iwiri ya kuwala yochokera pa iyo kupita ku diso la msodzi. Mukaibweza mizere yotulukayo m'madzi modukizadukiza, idzakumana pamwamba pa malo enieni a nsomba. N'chifukwa chake woyang'ana chindunji pansi amaona dziwe ngati losaya, kuya kwake kumaoneka ngati magawo atatu a magawo anayi a kuya kwenikweni. Kubweza mizere kumeneku kudzabweranso pa lenzi, choncho ndi bwino kukumana nako msanga.

Lachitatu tsekani buku, mupeze lenzi yeniyeni. Ine ndimaliona tsiku limeneli ngati lofunika kuposa ena onse, ngakhale ndi limene ambiri amalidumpha. Ngati kusukulu kuli lenzi yonenepa pakati, ija ya konivekisi, pemphani aphunzitsi. Ngati kulibe, bwerekani mwaulemu magalasi owerengera a agogo kapena a bambo. Imani m'chipinda chamdima pang'ono moyang'anizana ndi windo, gwirani lenzi kutsogolo kwa pepala loyera, ndipo muziisendeza pang'onopang'ono. Pena pake papepalapo padzaoneka mtengo wa panja, waung'ono, wozondoka, masamba ake akugwedezeka ndi mphepo. Mtunda wochokera pa lenzi kufika pa pepala ndiwo mtunda wa fokasi, f, poti kuwala kochokera kutali kumafika m'mizere yosakumana ndipo lenzi imaisonkhanitsa pa fokasi. Magalasi olembedwa +2.50 amapereka masentimita pafupifupi 40, olembedwa +2.00 amapereka 50. Magalasi a munthu wosaona patali sapereka chithunzi chilichonse papepala, ndipo chimenecho si cholakwika chanu, ndi mtundu wa lenzi. Musayang'ane dzuwa kudzera mu lenzi ngakhale kamphindi, limawononga diso. Amene waona mtengo wozondoka uja ndi maso ake safunikanso kuloweza tanthauzo la chithunzi chenicheni: ndi chithunzi chimene chimagwidwa papepala chifukwa kuwala kwafikadi pamenepo.

Lachinayi ndiye tsiku la chojambula chachikulu, ndipo apa tikhalitsapo. Nali funso: kandulo yotalika masentimita 10 yaima pa masentimita 30 kuchokera pa lenzi yonenepa pakati, ya f wa masentimita 10. Chithunzi chili pati, ndipo n'chachikulu bwanji?

Choyamba ndi sikelo. Sentimita imodzi papepala iimire masentimita 5, ndipo lembani zimenezo pakona ya pepala musanajambule kanthu. Goneketsani pepala cham'mbali, jambulani mzere wogona pakati penipeni, kuti pansi pake patsale malo. Pakati pa mzerewo imikani mzere woima wautali, ndiwo lenzi yanu, ndipo pamene mizere iwiriyi yadutsana ndi pakati pa lenzi. Yezani masentimita 2 kumanzere ndi masentimita 2 kumanja, lembani F mbali zonse ziwiri. Yezani masentimita 4 uku ndi uku, lembani 2F. Kandulo ikhala muvi woloza kumwamba, wotalika masentimita 2, woima pa masentimita 6 kumanzere kwa lenzi.

Tsopano mizere ya kuwala, ndipo yonse ichokere pansonga ya muvi. Cheza choyamba chimayenda mogona, mofanana ndi mzere wogona uja osauyandikira kapena kuutalikira, kufikira pa mzere woima. Pamenepo chimakhota n'kudutsa pa F wa kumanja. Musachiimitse pa F, chipitirizeni mpaka kumapeto kwa pepala. Cheza chachiwiri chimachoka pansonga yomweyo n'kudutsa pakati penipeni pa lenzi osakhota konse, rula igoneke kamodzi kokha. Pamene mizere iwiriyi yakumana ndiye nsonga ya chithunzi. Kuchokera pamenepo kwezani mzere woongoka kufika pa mzere wogona, muike mutu wa muvi kumunsi. Mukayeza mupeza kuti chithunzi chili pa masentimita 3 kumanja kwa lenzi, ndipo n'chotalika sentimita imodzi. Pobwerera ku sikelo, ndi masentimita 15 kuchokera pa lenzi, kutalika masentimita 5. Chithunzicho n'chenicheni, n'chozondoka, n'chaching'ono kuposa kandulo.

Cheza chachitatu ndi mboni. Chimachoka pansonga, chimadutsa pa F wa kumanzere, ndipo chikafika pa lenzi chimatuluka mogona. Ngati mwajambula bwino chidzafika pa lenzi sentimita imodzi pansi pa mzere wogona n'kukadutsa pansonga ya chithunzi chija. Mizere itatuyo ikapanga kakona katatu kakang'ono m'malo mokumana pa kadontho kamodzi, china chake chalakwika, ndipo kawirikawiri ndi chimodzi mwa izi: ma F awiri sanatalikirane mofanana ndi lenzi, cheza choyamba chapendekeka, kapena pensulo yabuntha. Pali cholakwika chinanso chofala. Wophunzira amajambula lenzi yonenepa ngati nthanga n'kumakhotetsa mizere pakhungu lake. M'galasi lenileni kuwala kumakhotadi kawiri, polowa ndi potuluka, koma chojambula chathu chimatenga lenzi ngati yopyapyala kwambiri, choncho kukhota konse kumachitikira pa mzere woima wapakati. Pachifukwa chomwecho mzere woimawo mukhoza kuutalikitsa mmene mungafunire. Muvi ukatalika kuposa lenzi imene mwajambula, musadandaule, talikitsani mzere. Ndipo cheza chilichonse chikhale ndi kamutu ka muvi koonetsa kumene kuwala kukupita.

Jambulani funso limeneli katatu tsiku lomwelo, kachitatu musanayang'ane pa zoyambazo.

Lachisanu ndi Loweruka musinthe chinthu chimodzi chokha, malo a kandulo. Lenzi, sikelo ndi malamulo zikhale zomwezo. Iikeni pa masentimita 20, ndiye pa 2F: chithunzi chigwera pa 20 kumanja, chofanana msinkhu ndi kandulo. Isendezeni pa 15: chithunzi chithawira pa 30 ndipo chitalika kawiri, masentimita 4 papepala, n'chifukwa chake tinasiya malo pansi pa mzere wogona. Taonani kuti 30 anapereka 15, ndipo 15 wapereka 30. Kuwala kumatha kubwerera njira imene kunadzera, choncho kandulo ndi chithunzi zikhoza kusinthana malo. Iikeni pa F penipeni: mizere iwiri yotuluka siikumana, ndipo palibe chithunzi chogwidwa papepala. Mukayala mapepala anayiwa patebulo motsatana mudzaona nokha zimene buku limafuna muloweze: kandulo ikamayandikira F, chithunzi chimathawira kutali ndi kumakula.

Apa ndi pamene milimita ija imaluma. Pa sikelo yathu, kuphonya F ndi milimita imodzi ndi kusintha f kuchoka pa 10 kufika pa 10.5. Kandulo ili pa 30, chithunzi chimangosuntha kuchoka pa 15 kufika pa 16 ndi kanthu kochepa. Koma kandulo ili pa 15, chimachoka pa 30 kufika pa 35. Chinthu chikakhala pafupi ndi F mizere iwiri ija imakumana mogonerana kwambiri, ndipo kulakwa kochepa kumakula. Mankhwala ake ndi sikelo yaikulu imene pepala lingalole, ndi kusongola pensulo musanayambe chojambula chilichonse.

Lamulungu ndi la chojambula chimene chimagwetsa anthu ambiri, kandulo ili mkati mwa F. Iikeni pa masentimita 6, papepala ndi 1.2. Jambulani mizere iwiri ija monga mwa masiku onse, musasinthe lamulo ngakhale limodzi. Mudzaona kuti kumanja kwa lenzi mizereyo ikutalikirana. Ambiri akaona zimenezi amachita mantha n'kuyamba kuipinda kuti ikumane. Isiyeni. Gonekani rula pa mzere uliwonse wotuluka, muubweze kumanzere modukizadukiza, monga munachitira ndi nsomba. Idzakumana pa masentimita 3 kumanzere kwa lenzi, masentimita 5 pamwamba pa mzere wogona. Ndiye kuti chithunzi chili pa masentimita 15 mbali yomweyo ya kandulo, n'chotalika masentimita 25, n'choimirira. Kuwala sikunafike pamenepo, diso lokha ndi limene likuganiza kuti kwachokera kumeneko, choncho chithunzichi sichingagwidwe papepala, ndipo nacho chimajambulidwa modukizadukiza. Umu ndi mmene galasi lokulitsira zilembo limagwirira ntchito. Tengani magalasi owerengera aja, muwayandikize pa nyuzipepala, muone zilembo zitakula zili chiimirire.

Sabata yachiwiri imayamba ndi masamu, ndipo mwadala sitinayambe nawo. Wophunzira amene zojambula zimamuvuta akapatsidwa fomula msanga amabisalamo, osajambulanso. Tsopano fomula ibwere ngati chida choonera ngati chojambula chanena zoona:

1/f = 1/u + 1/v

Apa u ndi mtunda wa chinthu, v ndi mtunda wa chithunzi. Pa funso la Lachinayi, 1/v = 1/10 − 1/30 = 2/30, choncho v = 15, monga rula inanenera. Samalani pomaliza: ambiri amafika pa 2/30 n'kulemba 0.067 ngati yankho, kuiwala kutembenuza. Amene anajambula kale sangavomereze yankho lotere, poti akudziwa kuti chithunzicho chiyenera kugwera pakati pa F ndi 2F. Kukula kwa chithunzi kumapezeka ndi m = v/u, apa ndi 15/30, kapena 0.5, ndipo nambala imeneyi siikhala ndi masentimita kumapeto. Pa funso la Lamulungu, 1/v = 1/10 − 1/6 = −2/30, ndiye v = −15. Chizindikiro chochotsera chikungonena kuti chithunzi si chenicheni, chili mbali ya kandulo. Mabuku ena amaika zizindikirozi mwanjira ina, ndipo masabata awiri si nthawi yosinthira: gwirani njira imene aphunzitsi anu anakuphunzitsani. Lolemba ndi Lachiwiri bwererani ku chojambula chilichonse cha sabata yatha, muwerengere yankho lake, muyerekeze. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri papepala n'kwachibadwa. Kukaposa apo, fufuzani chifukwa musanapitirire.

Lachitatu likwanira lenzi yopyapyala pakati, ya konikevu, pamodzi ndi diso. Lenzi imeneyi imamwaza kuwala. Cheza chogona chikafika pa lenzi chimakhotera kunja, ngati kuti chachokera pa F wa mbali ya chinthu, ndipo mzere wobwerera ku F ameneyo ndi wodukizadukiza. Cheza chapakati sichikhota. Kulikonse kumene mungaike kandulo, chithunzi chimakhala choimirira, chaching'ono, chosagwidwa papepala, pakati pa F ndi lenzi. Kandulo ili pa 30 ndipo f ndi −10, v amatuluka −7.5. Munthu wosaona patali, diso lake limasonkhanitsa kuwala kusanafike pa retina, ndiye amafuna lenzi yomwaza imeneyi. Wosaona pafupi amafuna yonenepa pakati. Kamera ndi diso ndi chojambula cha Lachinayi chija, chinthu chili kutali kupitirira 2F. Pulojekita ndi chija cha masentimita 15, chinthu chili pakati pa F ndi 2F. Ngati silabasi yanu ili ndi makalilole opindika, aikeni tsiku lomweli: malamulo ake ndi apachibale, kungoti kuwala kumabwerera m'malo modutsa, ndipo f ndi theka la mtunda wochokera pa kalilole kufika pakati pa bwalo lake.

Lachinayi lipite ku zochitachita za mu labotale, ngati mpata ulipo. Ikani kandulo, lenzi ndi katoni yoyera pamzere umodzi m'mbali mwa rula ya mita, lawi ndi pakati pa lenzi zikhale pa msinkhu umodzi. Mitunda yonse iyezedwe kuchokera pakati pa lenzi, osati m'mphepete mwa choikapo chake. Posaka chithunzi chakuthwa, pitirizani katoni mpaka chithunzi chiyambe kuzimirira, bwererani nayo mpaka chizimirirenso mbali inayo, ndipo malo oyenera ali pakati. Chithunzi chikakana kuoneka ngakhale mwasendeza lenzi uku ndi uku, yezani mtunda wa pakati pa kandulo ndi katoni. Ukachepera 4f, chithunzi chenicheni sichingagwere pa katoniyo. Pa lenzi ya masentimita 10, pamafunika masentimita 40 kapena kuposa. Tengani mitunda isanu ya u, pezani v pa uliwonse, ndipo jambulani girafu ya 1/v molimbana ndi 1/u. Imatuluka mzere woongoka wotsetsereka, umene umadula mizere iwiri ya girafu pa 1/f. Ukadula pa 0.1, f ndi masentimita 10.

Lachisanu ndi Loweruka ndi a mapepala akale a MANEB. Sankhani mafunso a kuwala okhaokha, ikani wotchi patsogolo, ndipo chojambula chimodzi chathunthu chisapitirire mphindi 10. Mukamaliza musangoona ngati nambala yagwirizana. Onani ngati sikelo yalembedwa, ngati F ali mbali zonse, ngati timitu ta mivi tilipo, ngati zodukizadukiza zili pamalo pake, ndiponso ngati mwafotokoza chithunzi pa mbali zitatu: chenicheni kapena ayi, chozondoka kapena choimirira, chachikulu kapena chaching'ono. Poti mayeso amalembedwa m'Chingerezi, mawu ofotokozera zimenezi muwadziwe ndi kalembedwe kake monga alili m'buku. Ndi bwino kusinthana mapepala ndi mnzanu, chifukwa diso la mwini silimaona muvi wosowa mutu. Cholakwika chikabwera kawiri, chilembeni pa chikuto cha kope, ndipo Lamulungu lomaliza mujambule zojambula ziwiri zokha zolimbana ndi cholakwikacho, kenako mupumule.

M'chipinda cha mayeso, musanagoneke rula, werengerani v mwachangu pambali ndi fomula, ngakhale funso langoti jambulani. Nambala imeneyo ndi imene ikuuzeni sikelo yoyenera ndi poika lenzi. Kandulo ikakhala pa masentimita 12 ndipo f ndi 10, chithunzi chigwera pa 60 ndipo chitalika kasanu. Pa sikelo yathu ndi masentimita 12 kumanja kwa lenzi, choncho lenzi iyenera kuima chakumanzere kwa pepala, ndipo mzere wogona ukwere chakumtunda kuti chithunzi chozondoka chipeze malo pansi. Yankho lolemba likhale limene mwayeza ndi rula pa chojambula chanu, ngakhale litasiyana pang'ono ndi la fomula, poti ndi limene funsolo lapempha.